Malipiro a dayirekitala mu kampani ya ku UK: pomwe bodi imadziwonera yokha ndi pomwe eni masheya ayenera kuvota

Amalawi ambiri amene tili kuno ku UK tatsegula timakampani tathu, ena a zosamalira okalamba, ena zoyeretsa maofesi, ena zamtengatenga, ndipo ambirife timayamba pachibale, iwe, alamu ako ndi anti ena amene anaponyapo ndalama poyamba. Zinthu zimayenda bwinobwino mpaka tsiku lomwe ndalama zayamba kuoneka, ndiye wina amangodzikwezera salale yekha pa foni kuuza akauntanti kuti kuyambira mwezi uno muzindiikira zakutizakuti. Ndazionapo ndi maso anga, ndipo ubale unatha pa mapaundi. Zomwe ndikulemba apa ndi za lamulo la kuno lotchedwa Companies Act 2006, osati la kumudzi, ku Malawi kuli lake la 2013 ndipo musatenge manambala a magawo a kunowa kukawagwiritsa ntchito ku Blantyre.

Chinthu chimodzi chomwe ambiri sachidziwa nchakuti udayirekitala paokha sukupatsa ufulu wolandira ndi tambala yomwe. Kuti ulandire, payenera kukhala chilolezo mu malamulo a kampaniyo, ndipo chilolezocho chiperekedwe ndi anthu oyenera munjira yoyenera. Ndipereka chitsanzo chimodzi chomwe tiyende nacho mpaka kumapeto. Kampani ya zosamalira okalamba ku Leeds, masheya 100. Inuyo muli ndi 40, alamu anu 35, anti 25. Madayirekitala ndinu awiri, inu ndi alamu, anti iwo anangoika ndalama basi sali mu bodi. Alamu ndi amene amayendetsa ntchito tsiku ndi tsiku ndipo akufuna salale ya mapaundi 48,000 pa chaka ndi kontirakiti yolembedwa ya zaka zitatu.

Sitepe yoyamba, musanakambe nkomwe za nambala, tsegulani malamulo a kampani yanu. Pitani pa webusaiti ya Companies House, ofesi ya boma yolembetsa makampani, lembani dzina la kampani, dinani Filing history, pitani pansi penipeni pa pepala loyamba lomwe munalembetsera. Ngati kampani inalembetsedwa kuyambira pa 1 Okutobala 2009 ndipo simunalembe malamulo anuanu, ndiye kuti mukuyendera Model Articles, malamulo okonzedwa kale ndi boma. Ndime 19 ya malamulo amenewo imati madayirekitala alandire malipiro omwe madayirekitala agwirizana, pa udayirekitala komanso pa ntchito ina iliyonse yomwe akugwirira kampani, ndipo malipirowo atha kukhala amtundu uliwonse, salale, bonasi, penshoni, inshulansi. Ndiye apa mphamvu ili ndi bodi, anti safunika kufunsidwa za 48,000 ija. Koma ngati munagula kampani yakale, ya m'ma 1990 mwachitsanzo, mwina ikuyendera malamulo okonzedwa kale a nthawi imeneyo otchedwa Table A ya 1985, ndipo kumeneko ndime 82 imati malipiro a udayirekitala amakhazikitsidwa ndi eni masheya pa voti. Muonenso ngati munasainirana pangano la eni masheya poyamba paja, chifukwa maloya ambiri amaikamo mzere woti salale ya dayirekitala isakwere popanda onse kuvomera, ndipo anthu amasaina nkuiwala.

Musazitenge mwachibwana izi za kuti ndani ali ndi mphamvu. Mu 1990 khoti lalikulu la nthawi imeneyo, House of Lords, linagamula mlandu wa kampani ya mowa ya Guinness. Dayirekitala wina, loya wa ku Amerika dzina lake Thomas Ward, analandira mapaundi 5.2 miliyoni chifukwa cha ntchito yomwe anagwira pomwe Guinness inkagula kampani ya Distillers mu 1986. Iye ankati ndalamazo anagwirizana ndi komiti yaing'ono ya madayirekitala, koma malamulo a kampani ankati malipiro apadera otere amaperekedwa ndi bodi yonse. Khoti linati abweze zonse, ndipo silinamulole ngakhale kusungako pang'ono ngati mtengo wa thukuta lake. Ntchito anaigwira ndithu koma amene anamupatsa ndalamazo analibe mphamvu yomupatsa.

Sitepe yachiwiri ndi miting'i ya bodi, ndipo apa mpomwe makampani a madayirekitala awiri amagwera mdzenje osadziwa. Model Articles ndime 11 imati kuti miting'i ya bodi ipange chiganizo payenera kukhala madayirekitala osachepera awiri. Ndime 14 imati dayirekitala amene ali ndi phindu lake pa nkhani yomwe ikukambidwa asawerengedwe, kaya pa voti kaya pa chiwerengero cha anthu ofunikira aja. Ndiye taonani, mwakhala pa tebulo la kukhitchini inu ndi alamu, nkhani ndi kontirakiti ya alamu, alamu sawerengedwa, mwatsala nokha, ndipo munthu mmodzi si bodi. Maminitsi mutha kulemba okongola bwanji koma tsiku lomwe anti adzapite kwa loya, loyayo adzayambira pomwepo. Njira yake njosavuta, ndime 14 yomweyo imalola eni masheya kuchotsa chiletsocho ndi voti wamba, kutanthauza kupitirira theka la mavoti. Mulembe chiganizo choti pa nkhani ya kontirakiti ya alamu, alamu aloledwe kuwerengedwa ndi kuvota, muchitumize kwa eni masheya onse atatu, chikadutsa kenako muchite miting'i ya bodi. Enanso amangosankha dayirekitala wachitatu kuti vutoli lithe kamodzi, kapena kusintha ndimeyo, koma kusintha malamulo a kampani kumafuna mavoti 75 pa 100 ndipo mumayenera kutumiza ku Companies House pasanathe masiku 15.

Mu miting'imo musangoti tagwirizana 48,000. Lembani mu maminitsi kuti nambalayo mwaipeza bwanji, mamanijala a ntchito ngati imeneyi mdera lanu akulandira zingati, alamu azigwira maola angati, kampani inapeza zingati chaka chatha ndipo ikalipira salale imeneyi kuphatikiza msonkho wa olemba ntchito ndi penshoni itsala ndi zingati. Izi si zokongoletsa ayi. Anti amadya pa dividendi yokha basi, ndiye ngati phindu la chaka linali 60,000 ndipo inu awiri mwalimeza lonse mu masalale ndi mabonasi, iwo chaka ndi chaka akungomva kuti palibe chogawana, ali ndi khomo lolowera ku khoti pa gawo 994 la Companies Act 2006, kudandaula kuti kampani ikuyendetsedwa mowapondereza. Khoti likayang'ana limafunsa ngati malipirowo akufanana ndi omwe munthu wakunja akanalandira pa ntchito yomweyo. Maminitsi a bodi amasungidwa zaka 10, lamulo limatero.

Pa kulembedwa kwa kontirakitiyo sindichedwapo, muikemo udindo, salale, tsiku lolipira, tchuthi, notisi ya mbali zonse ziwiri, zifukwa zomwe munthu angachotsedwere pompopompo monga kuba, zomwe sangachite akachoka monga kutenga makasitomala, ndi mzere woti ntchito ikatha atulenso pansi udayirekitala. Chimodzi chokha chomwe anthu amadabwa nacho, dayirekitala wopanda kontirakiti ya ntchito sakhudzidwa ndi lamulo la malipiro otsikitsitsa, nchifukwa chake ambiri amadzilipira kasalale kakang'ono zotsalazo nkutenga ngati dividendi, koma mukangomupatsa kontirakiti ya ntchito wasanduka wantchito ndipo lamulolo lamugwira. Salale idutse mu PAYE ngati ya wina aliyense.

Tsopano pa zaka zitatu zija, apa ndiye pofunika kukhala pansi. Gawo 188 limati ngati nthawi yotsimikizika ya kontirakiti ya dayirekitala ikupitirira zaka ziwiri, kapena itha kupitirira, eni masheya ayenera kuvomereza kaye kampani isanasaine. Kale malire anali zaka zisanu, anawatsitsa kufika pa ziwiri kuyambira Okutobala 2007, ndiye mukamva wina akukuuzani zisanu dziwani kuti akukamba zakale. Nthawi yotsimikizika ndi nthawi yomwe kampani singathe kumuchotsa munthuyo pongomupatsa notisi, kapena ingathe pokhapokha pa zifukwa zina zotchulidwa. Cholinga chake nchoonekeratu, gawo 168 limapatsa eni masheya mphamvu yochotsa dayirekitala aliyense ndi voti wamba, koma ngati iye anadzilembera kontirakiti ya zaka zisanu, kumuchotsa chaka choyamba ndiye kuti kampani imulipire chipukuta misozi cha zaka zinayi, ndiye mphamvu ija yasanduka ya pa pepala chabe.

Kuwerenga kwake ndi komwe kumapusitsa. Zaka zitatu zosadukiza, zimenezo nzachidziwikire, voti ikufunika. Zaka ziwiri ndendende, sikufunika. Koma tiyerekeze alamu akuti chabwino zitatu zija tazisiya, tilembe miyezi 18 yokhazikika, ikatha imeneyo kampani izipereka notisi ya miyezi 12. Lamulo limaphatikiza, 18 ndi 12 ndi miyezi 30, yadutsa 24, voti ikufunika. Kapena kontirakiti yopanda tsiku lothera koma notisi yake ndi miyezi 30, ndi chimodzimodzi. Kapena ya zaka ziwiri koma muli mzere woti alamu atha kuiwonjezera chaka china iwo akafuna, apanso mwagwidwa chifukwa lamulo limati ngakhale yomwe itha kupitirira osati mwa kufuna kwa kampani. Pomwe kontirakiti ya zaka zisanu yomwe kampani itha kuithetsa nthawi iliyonse ndi notisi ya miyezi 6 ilibe vuto, nthawi yotsimikizika ndi miyezi 6 yokhayo. Ndiye musamayang'ane utali wa kontirakiti pamwamba, dzifunseni kuti titafuna kuti munthuyu achoke lero popanda kulakwa, tamangika mpaka liti.

Palinso kamsampha ka kukonzanso kontirakiti msanga. Tinene kuti munasaina ya zaka ziwiri kuyambira 1 Januwale 2024 kutha 31 Disembala 2025. Pa 1 Malichi 2025 alamu akuti tisainiretu ina ya zaka ziwiri yoyamba ikatha iyi. Popeza mukusaina patatsala miyezi yopitirira 6 kuti yoyambayo ithe, miyezi 10 yotsalayo imawonjezedwa pa yatsopano, 10 ndi 24 ndi 34, voti ikufunika. Mukanadikira mpaka Ogasiti kuti patsale miyezi yosakwana 6, sizikanawonjezedwa. Ndipo musaganize kuti mwazemba mukati alamu asalembedwe ntchito koma kakampani kawo kena kazitumiza ma invoisi a ukatswiri, gawo 227 limawerenga zimenezonso ngati kontirakiti ya dayirekitala.

Nanga votiyo imachitika bwanji. Choyamba mulembe kapepala kofotokoza kontirakiti yomwe mukufuna kusaina, yonse ndi mzere wa zaka zitatu uja uli momwemo. Kenako musankhe njira. Njira yofulumira pa kampani yaing'ono ndi chiganizo cholembedwa chomwe mumangotumiza anthu nkusaina, kapepalako kapite kwa mwini masheya aliyense woyenera kuvota pa nthawi yomwe mukutumiza chiganizocho kapena isanafike, osati kutumizira alamu okha nkuwasiya anti poti mukudziwa kuti akana. Apa mavoti amawerengedwa pa masheya onse, ndiye pakufunika 51 pa 100 aja, ndipo ngati sanakwane pakatha masiku 28 chiganizocho chafa, pokhapokha malamulo anu atanena nthawi ina. Njira inayo ndi msonkhano wa eni masheya, notisi ya masiku 14, koma chenjerani, kapepala kaja kayenera kukhala pa adilesi yolembetsedwa ya kampani kuti anthu akaone kwa masiku osachepera 15 kufika tsiku la msonkhano, komanso kakhalepo pa msonkhanopo. Anthu amawerenga 14 nkuiwala 15 uja. Alamu ngati mwini masheya atha kuvota pa kontirakiti yawo yomwe, chiletso chija chinali cha mu bodi. Ndiye 40 yanu ndi 35 yawo ndi 75, chadutsa ngakhale anti akane, kapena inu mutakana koma anti avomera ndi 60, chadutsabe. Ena amati nanga ngati chidutsa ndithu tivutikiranji, yankho ndi loti anti ayenera kuona pepalalo asanamve kwa anthu, ndipo lamulo silimafunsa ngati chikanadutsa, limafunsa ngati munachita. Chiganizo chotere simutumiza ku Companies House, mumangosunga mu fayilo zaka 10.

Mukalumpha sitepe imeneyi kontirakiti yonse siifa ayi, salale ndi zina zonse zimakhalapo, chomwe chimafa ndi mzere wa zaka zitatu uja, ndipo gawo 189 limati kampani itha kuithetsa nthawi iliyonse ndi notisi yoyenera. Ndiye wopwetekeka weniweni ndi dayirekitalayo. Alamu achotsedwa patatha chaka chimodzi, mmutu mwawo muli zaka ziwiri zotsala, mapaundi 96,000, loya nkuwauza kuti bambo mzere umenewu ulibe ntchito, muyembekezere za miyezi ingapo basi. Choncho ngati ndinu amene mukupatsidwa kontirakiti yaitaliyo, ndinu muyenera kukakamira kuti voti ichitike. Makampani omwe masheya ake onse ali mmanja mwa kampani ina safuna voti imeneyi pa iwo okha, koma ngati munthuyo alinso dayirekitala wa kampani yaikuluyo ndiye eni masheya a kumeneko avote.

Mukasaina, kope ya kontirakiti isakhale mu galimoto ya alamu. Gawo 228 limati isungidwe pa adilesi yolembetsedwa ya kampani, kapena pamalo ena omwe munauza Companies House, nthawi yonse yomwe ikugwira ntchito ndi chaka china chimodzi itatha. Ngati munangogwirizana pakamwa, mulembe kapepala ka mfundo zake nkusunga chimodzimodzi. Mwini masheya aliyense, ngakhale wa sheya imodzi, atha kubwera kudzaiwerenga ulere, ndipo akapempha kope nkulipira kandalama kake muyenera kumupatsa pasanathe masiku 7. Kukana ndi mlandu wa chindapusa kwa madayirekitala. Kwathu timati salale ya munthu ndi chinsinsi, koma kwa eni masheya ya dayirekitala si chinsinsi, anti akafunsa musakwiye.

Khomo lomaliza lomwe eni masheya amalowera ndi tsiku lotsanzikana, ndipo limeneli ndi lomwe ife a mtima wachifundo timagwa nalo kwambiri. Tinene kuti pamapeto pake munagwirizana kontirakiti ya notisi ya miyezi 6 yokhala ndi mzere woti kampani itha kulipira ndalama mmalo mwa notisi. Patapita zaka alamu akuchoka, akubwerera kumudzi kukayamba ulimi ku Mchinji. Miyezi 6 pa 48,000 ndi 24,000, imeneyo ili kale mu kontirakiti yomwe inasainidwa kalekale, ndi ngongole ya kampani, gawo 220 likuti lipirani popanda voti. Koma inu mwaganiza kuti munthuyu wavutika nafe, timuwonjezere 10,000 yothokoza komanso atenge galimoto ya kampani. Zimenezo si ngongole, ndi mphatso ya pochoka, ndipo gawo 217 likufuna eni masheya avomereze kaye, ndi kapepala konena za malipirowo ndi kuchuluka kwake, kotumizidwa kapena kuikidwa poonekera masiku 15 monga muja. Galimotoyo imawerengedwanso ngakhale si ndalama, ndipo kuilemba mdzina la akazi awo sikusintha kanthu chifukwa kupatsa wachibale wapafupi ngati ameneyo lamulo limakuona ngati kupatsa mwini wake. Zomwe zimadutsa popanda voti ndi tating'ono tosapitirira mapaundi 200 tonse pamodzi, ndiye kawotchi ndi keke zili bwino. Chipukuta misozi chenicheni pomwe kampani yaswa kontirakiti, ndalama zothetsera dandaulo lenileni la kuchotsedwa ntchito, ndi penshoni ya ntchito yomwe anagwira kale, izi sizifuna voti bola zikhale zoona, osati mphatso yovekedwa dzina lina. Ndipo kusintha kontirakiti sabata yomaliza kuti 10,000 ija ioneke ngati inalimo kale sikuthandiza, lamulo limakana ngongole yomwe yapangidwa chifukwa cha kuchokako.

Apa mukalakwitsa ndiye zikubwererani inuyo. Gawo 222 limati wolandirayo amakhala ngati akungosungira kampani ndalamazo, ndipo dayirekitala aliyense amene analoleza ayenera kubwezera kampani zomwe yataya kuchokera mthumba mwake. Alamu ali ku Mchinji, 10,000 anagulira feteleza ndi pampu, galimoto inagulitsidwa, amene watsala pafupi ndinu. Ndipo si anti okha angaifukule nkhaniyi, kampani ikadzagwa amene amabwera kudzatseka mabuku amayang'ana zinthu ngati zimenezi poyambirira, kapena wofuna kugula kampaniyo loya wake akamaunika mapepala.

Zomwe mumamva pa nyuzi kuti eni masheya akana malipiro a bwana wamkulu, zimenezo nza makampani akuluakulu omwe masheya awo ali pa msika waukulu wa London Stock Exchange. Kuyambira Okutobala 2013 amenewo amapititsa ndondomeko ya malipiro kwa eni masheya kuti avote kamodzi pa zaka zitatu zilizonse ndipo votiyo imamanga, sangalipire dayirekitala kunja kwa ndondomekoyo, kenako chaka chilichonse pamakhala voti ina ya lipoti la zomwe alipira, imeneyo ndi yongolangiza. Kampani yanu ya Ltd ilibe zimenezi, choncho anti akakuuzani kuti anamva pa wailesi kuti salale iliyonse imafuna voti, auzeni mwaulemu kuti pa salale yokha ayi, koma muwaonetse kontirakitiyo ndi maminitsi aja.

Ngati mwawerenga mpaka pano nkuzindikira kuti mwakhala mukulipirana zaka zitatu popanda pepala lililonse, musathamangire kulemba maminitsi a madeti akale, chimenecho ndi chinyengo ndipo chimaoneka msanga pa kompyuta. Pali mlandu wa 1969 wa kampani yotchedwa Duomatic womwe unakhazikitsa kuti eni masheya onse ovota akadziwa chinthu nkuchivomera, ngakhale popanda msonkhano, chimatha kuwerengedwa ngati chavomerezedwa, koma mawu oti onse akutanthauza onse ndithu, ndipo ayenera kukhala kuti ankadziwa manambala ake. Ndiye lembani pa pepala limodzi zomwe dayirekitala aliyense walandira chaka ndi chaka, salale, bonasi, penshoni, galimoto, muike deti ya lero, mupite nalo kwa anti ndi masitetimenti a ku banki, muwapemphe awerenge asaine pansi pamodzi ndi inu awiri kuti akuvomereza. Akakana kusaina ndiye mwadziwa pomwe mwaima, ndipo pamenepo pitani kwa loya wa zamakampani musanalipirane salale ya mwezi wamawa.